Kalata kwa makolo a ana a Sitandade 7 yofotokoza masamu a chingwe, pepala ndi mbale zapakhomo

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana a m'kalasi mwanga,

Ndikupatsani moni, ndipo ndikukhulupirira kuti muli bwino kumakomo kwanuko. Ndalemba kalatayi chifukwa kuyambira sabata yamawa, kwa masabata 4, ana anu azibwera kunyumba ndi ntchito ya masamu yosiyana ndi imene munaizolowera. M'malo mwa masamu olembedwa mndandanda m'kope, azikupemphani chingwe, pepala lakale, timitengo, mbale, chidebe kapena lichero, ndipo mwina mudzawaona atagwada pabwalo akukhoma zikhomo. Ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni zonse ntchitoyi isanayambe, kuti mukadzawaona akutero musadzaganize kuti akusewera, komanso kuti mudziwe poyenera kuwathandiza ndi poyenera kuwaleka adzivutikire okha.

Gawo limene tikulowali ndi la maonekedwe a zinthu ndi miyeso yake, limene m'mabuku limatchedwa jiyometiri. Ndiyambe ndi kuvomera cholakwa changa. Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikuphunzitsa gawoli pabolodi pokha, ndipo ana ankaloweza bwino lomwe kuti ngodya ya sikweya ili ndi madigiri 90, koma tsiku lina nditajambula sikweya yomweyo yoimirira pa nsonga yake imodzi, ana ambiri anakana kuti si sikweya. Mawu anali atawasunga, pomwe chinthu chenichenicho sankatha kuchizindikira chikangotembenuka pang'ono. Njira yokonzera vutoli ndi yakuti mwana ayeze yekha ndi manja ake, alembe nambala imene wapeza, ndipo ikasiyana ndi ya m'buku afufuze chimene chachititsa. Chifukwa chake pempho langa lalikulu, limene ndilibwereza m'kalatayi, ndi lakuti mwana alembe zimene wayezadi, ngakhale zitaoneka zolakwika. Simufunika kugula kabokosi ka zida za masamu, pakuti mwana aliyense adzapanga rula yake ya masentimita 30 m'kalasi pogwiritsa ntchito katoni, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi siifuna n'komwe rula.

Sabata yoyamba ndi yopepuka. Mwana atenge pepala lililonse, ngakhale long'ambika m'mbali monse, alipinde kamodzi ndi kusindikiza mpindirowo ndi chikhadabo, ndipo adzakhala atapeza mzere wowongoka. Kenaka alipindenso kachiwiri, mosamala kuti theka limodzi la mpindiro woyamba ligone ndendende pamwamba pa theka linzake. Ngodya imene yatuluka pamenepo ndi ngodya ya sikweya, yofanana ndi ya chida chachitsulo chimene akalipentala ndi amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: mzere wowongoka uli ndi madigiri 180, ndipo kupinda kwachiwiri kwagawa madigiriwo pawiri mofanana, popeza mbali ziwirizo zagonerana osatsalira, choncho mbali iliyonse yatenga 90. Akalitambasula pepalalo adzaona ngodya 4 zofanana zitakumana pamalo amodzi, zimene pamodzi ndi madigiri 360. Ndi kapepala kameneka mwana ayendere ngodya za chitseko, za tebulo, za zenera, za njerwa ndi za mkeka, n'kumalemba ngati ngodyayo ikukwanirana ndi pepala, ikulipitirira kapena ikuperewera. Musakhumudwe akadzakuuzani kuti ngodya ya chitseko chanu si ya sikweya, chifukwa zitseko zambiri zimalendewera zikakalamba, ndipo njerwa zoumba pachikombole sizituluka zofanana zonse. Pepalali alisunge m'kope, pakuti tidzalifunanso m'sabata zonse zotsatira.

Sabata yachiwiri ndi imene ndikufuna kuifotokoza mwachifatse, chifukwa ndi pamene ana ambiri adzasokonezeke. Kapepala kaja n'kakang'ono, moti sikangathandize munthu amene akuyeza maziko a nyumba kapena malire a dimba. Amisiri omanga ali ndi njira yawo imene amangoitchula kuti 3, 4, 5, ndipo ambiri mwa inu munaionapo pamene akukhoma zikhomo za maziko. Mfundo yake ndi yakuti chinthu cha ngodya zitatu, chimene m'kalasi timachitcha thirayango, chikakhala ndi mbali zotalika miyeso 3, 4 ndi 5, ngodya imene ili pakati pa mbali ya 3 ndi mbali ya 4 imakhala ya sikweya nthawi zonse. Muyesowo ukhoza kukhala mita, phazi kapena kamtengo kalikonse, bola ukhale umodzimodzi pa mbali zonse zitatu.

Mwana adzapeze kamtengo kowongoka kotalika pafupifupi chikhatho chimodzi chotambasula, ndipo kameneka ndiko kadzakhale muyeso wake. Atenge chingwe chosatamuka, monga twaini kapena ulusi wosokera matumba, asiye kachidutswa kogwirira kumapeto, aike chizindikiro choyamba ndi makala kapena bolopeni, kenaka ayeze kamtengoko maulendo 12 motsatizana, akuika chizindikiro pamathero a ulendo uliwonse. Apa pali msampha woyamba. Ana amawerenga zizindikiro m'malo mwa mipata, ndiye amalekera pa chizindikiro cha 12 ali ndi mipata 11 yokha. Chizindikiro choyambira achitche 0, ndipo akamaliza payenera kukhala zizindikiro 13 ndi mipata 12. Msampha wachiwiri ndi mfundo. Mwana akafuna kumanga mfundo pachizindikiro chilichonse kuti chioneke bwino, mumuletse, chifukwa mfundo iliyonse imadya chingwe, ndipo mipata imatha kusiyana kutalika popanda iye kuzindikira.

Chingwe chikakonzeka, akhome chikhomo pabwalo posalala n'kugwirizirapo chizindikiro cha 0 pamodzi ndi cha 12, kuti chingwecho chikhale ngati mkanda wotsekeka. Akoke chingwe mpaka chizindikiro cha 3 n'kukhomapo chikhomo chachiwiri, ndiyeno agwire chizindikiro cha 7 n'kuchikokera kumbali mpaka mbali zonse zitatu zitakungika, n'kukhomapo chikhomo chachitatu. Kuchokera pa 0 kufika pa 3 pali mipata 3, kuchokera pa 3 kufika pa 7 pali mipata 4, ndipo kuchokera pa 7 kubwerera pa 12 pali mipata 5. Ngodya ya sikweya ili pa chikhomo chachiwiri, moyang'anana ndi mbali yaitali koposa. Atsimikize ndi kapepala kake kopinda kaja. Ntchitoyi imafuna manja a anthu awiri kapena atatu, choncho ndi pamene thandizo lanu kapena la abale ake lidzafunike kwambiri.

Kwa amene muli ndi tepi yoyezera, nachi chitsanzo chosonyeza kuti kulakwitsa pang'ono kumakula bwanji. Tiyerekeze kuti mwana wayeza masentimita 60 pa khoma limodzi kuchokera pangodya ya chipinda, ndi masentimita 80 pa khoma linalo, zimene ndi 3 ndi 4 zochulukitsidwa ndi 20. Ngati ngodyayo ndi ya sikweya, mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala masentimita 100. Tinene kuti wapeza 102. Masentimita 2 amenewo akuoneka ochepa, koma akutanthauza kuti ngodyayo yatseguka kufika madigiri opitirira pang'ono 92, ndipo khoma la mamita 4 lomangidwa motsatira ngodya yotere limakhala litapatuka ndi masentimita pafupifupi 17 pofika kumapeto kwake. Izi zimadzaonekera pofolera, pamene malata akukana kulingana ndi khoma, ndiponso poyala matailosi, pamene mzere womalizira ukutuluka wopyapyala mbali imodzi ndi wotakata mbali ina. Akapeza nambala yochepera 100, monga 98, ndiye kuti ngodya yapanikizika. N'chifukwa chakenso sindikufuna kuti ana ajambule thirayango ya masentimita 3, 4 ndi 5 m'kope n'kunena kuti amaliza, pakuti pa kathirayango kakang'ono chotero kuphonya ndi milimita imodzi yokha, imene ndi kunenepa kwa mzere wa pensulo yobuntha, kumabweretsa cholakwa chofanana ndi cha masentimita 2 aja. Thirayango ikakula, cholakwa cha dzanja chimachepa mphamvu.

Mwana wachidwi adzafunsa chifukwa chake manambala ndi 3, 4, 5 osati ena. Mumupatse zitsekerero za mabotolo, timiyala kapena njere za chimanga. Ayale sikweya ya mizere 3 ya njere 3, imene ndi njere 9, ndi ina ya mizere 4 ya njere 4, imene ndi njere 16. Akaziphatikiza adzapeza njere 25, ndipo zimenezo zimayalika ndendende kukhala sikweya ya mizere 5 ya njere 5, popanda yotsala. Pa thirayango iliyonse yokhala ndi ngodya ya sikweya, mbali ziwiri zazifupi zikachulukitsidwa iliyonse ndi iyo yomwe n'kuphatikizidwa, zimafanana ndi mbali yaitali yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Ndidzawapempha kuti ayesenso 4, 5, 6 pachingwe cha mipata 15. Apa 16 kuphatikiza 25 ndi 41, pomwe 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36, choncho mbali yaitali yaperewera ndipo ngodya idzatuluka yocheperako, pafupifupi madigiri 83, zimene kapepala kaja kadzaonetse poyera. Ndikufuna ayese chitsanzo cholepherachi kuti asaganize kuti manambala atatu aliwonse otsatizana amagwira ntchito. Lamuloli limadziwika ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe, ngakhale kuti mapale adongo opezeka ku dziko limene lero ndi Iraq amasonyeza kuti Ababulo ankadziwa manambala otere zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Njere zija zimangoonetsa mgwirizano wa manambalawo, ndipo umboni wakuti lamuloli limagwira pa thirayango zonse zotere ana adzauphunzira ku sekondale.

M'sabata yachitatu tidzachoka pa ngodya imodzi n'kuyang'ana chinthu chonse cha ngodya zinayi. Mwana atenge timitengo kapena mapesi 4, tiwiri tatitali tofanana ndi tiwiri tatifupi tofanana, atimange m'ngodya ndi ulusi kuti tikhale ngati felemu ya chitseko. Akakankha ngodya imodzi adzaona kuti felemuyo ikupendekeka mosavuta, chonsecho palibe kamtengo kamene kasintha kutalika. Phunziro lake ndi lakuti kufanana kwa mbali zoyang'anana pakokha sikutsimikizira kuti chinthu ndi rekitango, imene ngodya zake zonse zinayi ndi za sikweya. Chimene chimasintha felemu ikapendekeka ndi mizere iwiri yopingasa, yochokera pangodya imodzi kufika pangodya yoyang'anana nayo: umodzi umatalika pamene unzake ukufupika, ndipo imafanana pokhapokha ngodya zonse zikakhala za sikweya. Amisiri amadalira zimenezi pomaliza kukhoma zikhomo za maziko. Pa chipinda cha mamita 3 ndi mamita 4, mizere yonse iwiri yopingasa iyenera kukhala mamita 5, ndipo pa nyumba ya mamita 6 ndi mamita 8 iyenera kukhala mamita 10. Pa miyeso ina nambala siituluka yosalala chotero, komabe sikofunika kuiwerengera, chifukwa chingwe chimodzi choyezedwa pamzere woyamba chimangosamutsidwira pa wachiwiri kuti tione ngati chikukwanira.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndikufuna ana awapeze okha. Chinthu cha ngodya zinayi chotakata kumunsi ndi chopapatiza kumwamba mofanana mbali zonse ziwiri, monga momwe chidebe chovundikira pansi chimaonekera mukachiyang'ana cham'mbali, chilinso ndi mizere yopingasa yofanana, koma si rekitango. Motero kuyeza kuyenera kukhala pawiri: poyamba tione kuti mbali zoyang'anana ndi zofanana, kenaka tione kuti mizere yopingasa ndi yofanana. Pomaliza mwana amangirire kamtengo kachisanu mopingasa pa felemu yake, ndipo adzaona kuti yasiya kupendekeka, chifukwa yagawika kukhala mathirayango awiri, ndipo thirayango siingasinthe maonekedwe popanda mbali ina kuthyoka kapena kutalika. Akatero mupite naye akaone thabwa lopingasa la pachitseko cha khola, mitengo ya kudenga ndi felemu ya njinga.

Sabata yachinayi ndi ya zinthu zozungulira, ndipo ndi imene ndikuiyembekezera koposa, chifukwa nambala ya 22/7 ndi imodzi mwa zinthu zimene ana amaloweza osadziwa kumene zinachokera. Pali miyeso iwiri yoti ayeze pa mbale, kapu, chivundikiro cha poto, lichero kapena chidebe. Woyamba ndi mtunda wodutsa pakati penipeni kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, umene timautcha dayamita, ndipo wachiwiri ndi mtunda wozungulira m'mphepete monse. Poyamba asagwiritse ntchito rula. Adule ulusi wokwanira kuzungulira mbale kamodzi, ndi kamtengo kapena udzu wotalika ngati dayamita ya mbaleyo. Akautambasula ulusiwo n'kumauyeza ndi kamtengoko adzapeza kuti kakulowa katatu, n'kutsala kachidutswa kakang'ono. Akatenga kachidutswako n'kukayeza pa kamtengo, kadzalowa pafupifupi maulendo 7. Ndiye kuti kuzungulira kwa mbale ndi madayamita atatu ndi gawo limodzi mwa magawo 7, zimene polemba ndi 22/7. Akabwereza pa kapu yaing'ono ndi pa lichero lalikulu adzapeza zomwezo, ndipo nambala yosasinthayi ndi imene imatchedwa payi, yolembedwa ndi chizindikiro cha π.

Chovuta pa ntchitoyi ndi kupeza dayamita yeniyeni, popeza pakati pa mbale palibe kadontho kosonyeza. Mzere uliwonse wosadutsa pakati penipeni umakhala waufupi kuposa dayamita, choncho njira imodzi ndi kugwiriza rula pamalo amodzi m'mphepete n'kumayendetsa mbali inayo uku ndi uku mpaka atapeza nambala yaikulu koposa. Njira yachiwiri ndi yokongola kwambiri, ndipo imabweretsanso kapepala ka sabata yoyamba. Mwana avundikire mbale pa pepala lalikulu kapena pa katoni, ajambule mozungulira, kenaka aike nsonga ya ngodya ya kapepala kake pamalo alionse pamzere wozungulirawo, kapepalako kataloza m'kati. Atalikitse m'mbali ziwiri za kapepalako ndi rula mpaka zitagunda mzere wozungulira. Malo awiri amene zagundawo akawalumikiza, mzere umenewo ndi dayamita, kulikonse kumene anaika nsonga ija. Akachitanso kuchokera pamalo ena adzapeza dayamita yachiwiri, ndipo pamene awiriwo adutsana ndi pakati penipeni pa mbale. Mfundo imeneyi imatchulidwa ndi dzina la Thales, Mgiriki wina amene anakhalako Pythagoras asanatchuke.

Akatha zimenezi ayeze ndi rula zinthu zosachepera zitatu n'kugawa kuzungulira ndi dayamita. Tiyerekeze kuti mwana wapeza kuti mbale ili ndi dayamita ya masentimita 24 ndipo kuzungulira kwake ndi 76. Akagawa 76 ndi 24 apeza 3.17. Kapu ya masentimita 8 yozungulira 25.5 ipereka 3.19, ndipo chidebe cha masentimita 30 chozungulira 94 chipereka 3.13. Palibe yankho limene lafika ndendende pa 3.14, komabe onse atatu ndi ntchito yabwino, ndipo ndidzalandira nambala iliyonse ya pakati pa 3.0 ndi 3.3. Kope limene ndidzalikayikire ndi limene mayankho ake onse ndi 3.14, chifukwa ulusi ndi rula ya katoni sizingapereke zimenezo katatu motsatizana, ndipo ndidzadziwa kuti mwanayo anayamba ndi yankho n'kubwerera m'mbuyo. Chonde, abale ake a ku sekondale asamukonzere manambala.

Nambala ikatuluka kunja kwa malire amenewa, iyo yomwe imaloza pamene palakwika, ndipo apa mpamene mungamuthandize ndi mafunso. Ikakhala pafupi ndi 6.3, mwana wayeza kuchokera pakati kufika m'mphepete, limene ndi theka la dayamita. Ikakhala yochepera 3, nthawi zambiri chinthucho n'chopapatiza kumunsi: wayeza dayamita pakamwa pa chidebe, masentimita 30, koma ulusi watsetserekera m'munsi pamene pazungulira masentimita 85 okha, ndipo wapeza 2.83. Chingwe chotamuka, monga lasitiki kapena chidutswa cha chubu cha njinga, chimachitanso chimodzimodzi, chifukwa chimatalika pozungulira n'kufupika pochiyeza. Ikakhala 3.4 kapena 3.5, mwina dayamita sinadutse pakati, mwina wayeza dayamita m'kati mwa kapu pomwe ulusi wauzunguliza kunja, kapena chingwe chake n'chonenepa. Chingwe chonenepa sentimita imodzi chikazungulira kapu ya masentimita 8, pakati pa chingwecho pamayenda mozungulira dayamita ya masentimita 9, motero chimatuluka chotalika masentimita opitirira pang'ono 28, ndipo kugawa ndi 8 kumapereka 3.5. N'chifukwa chake pa zinthu zing'onozing'ono pafunika ulusi wopyapyala. Lichero ndi poto wakale nthawi zina zimakhala zitaphwatalala mbali ina, ndipo chinthu chotero chili ndi madayamita osiyana malinga ndi kumene mwayeza. Mwana akazindikira zimenezo alembe madayamita awiri, wautali ndi waufupi, ndipo tidzakambirana m'kalasi.

Ndiyenera kunenanso kuti 22/7 yomweyo si payi weniweni. Ikagawidwa imapereka 3.1428 ndi manambala ena otsatira, pomwe payi amayamba ndi 3.1415 ndipo manambala ake samatha kapena kubwerezabwereza. Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, anasonyeza kuti payi ndi wocheperako pang'ono kuposa 22/7. Kusiyanako n'kochepa kwambiri, moti pa chinthu cha dayamita ya mita imodzi kumangopitirira pang'ono milimita imodzi, ndipo pa ntchito zathu zonse 22/7 ndi yokwanira.

Masiku awiri omaliza ana adzagwiritsa ntchito nambalayi poneneratu muyeso asanayeze. Ngati tayala la njinga lili ndi dayamita ya masentimita 70, kuchulukitsa ndi 22/7 kumapereka masentimita 220. Mwana alembe nambala yakeyo kaye, kenaka aike chizindikiro cha choko kapena makala pa tayala ndi pansi, akankhe njinga mowongoka mpaka chizindikirocho chitagundanso pansi, ndipo ayeze mtundawo kuti aone ngati ulosi wake wakwaniritsidwa. Adzachitanso mobwerera pa mtengo wapakhomo, umene dayamita yake sitingaiyeze popanda kuudula: ngati ulusi wozungulira thunthu ndi masentimita 110, kugawa ndi 22 n'kuchulukitsa ndi 7 kumapereka masentimita 35. Amene muli ndi nkhokwe mungamufunse kuti, ngati mukufuna nkhokwe ya dayamita ya masentimita 140, chipupa chake cholukidwa chidzazungulira mtunda wotani. Yankho ndi masentimita 440, osawerengera polumikizira. Ngati pafupi nanu pali wokhoma zidebe kapena telala, ndingakondwe mwana atakamufunsa mwaulemu mmene amadziwira kutalika kwa lata kapena nsalu yozungulira, n'kudzatifotokozera zimene wamva.

Ntchito ya tsiku lililonse isapitirire mphindi 30, ndipo ichitike kunja kusanade, chifukwa zizindikiro za pa ulusi sizioneka bwino ndi kuwala kwa tochi. Kudula timitengo ndi kusongola zikhomo kuchitidwe ndi munthu wamkulu, ndipo zikhomo zizulidwe ntchito ikatha kuopa kuti ana ang'onoang'ono angapunthwe. Mbale zagalasi ndi zadothi zisiyidwe, popeza zapulasitiki ndi zachitsulo zikwanira. Kwa inu amene simunafike patali ndi sukulu, kapena munaiwala masamuwa, musadere nkhawa, chifukwa mafunso awiri okha ndi okwanira: mumufunse kuti wayeza kuchokera pati kufika pati, ndiponso ngati angayezenso inu mukuona. Akayeza kachiwiri n'kupeza nambala ina, asafute yoyambayo, alembe zonse ziwiri pamodzi ndi zimene wasintha.

Makope ndizidzawatolera Lolemba lililonse, ndipo ndikupempha kuti musainire kapena kudinda chala pansi pa ntchito ya sabatayo posonyeza kuti munamuona mwana akuyeza. Chingwe cha mipata 12 chija abwere nacho kusukulu kumayambiriro kwa sabata yachitatu, chifukwa tidzachigwiritsa ntchito tonse poyeza kabedi ka mbewu kuseri kwa kalasi. Ngati pakhomo palibe twaini kapena katoni, mwana andiuze mwakachetechete sabata ino kuti ndimugawireko zimene ndasonkhanitsa, ndipo amene muli ndi funso mukhoza kundipeza kusukulu tikaweruka, kapena kulemba funsolo kumapeto kwa kope la mwana.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu wa Sitandade 7